Mawaya Achoka, Koma Mano Sanakhazikike: Kodi Litena Livalidwe Mpaka Liti?

Tsiku limene dokotala wa mano amachotsa mawaya owongola mano, amene ambiri amawatcha mabulesi, pakhomo pamakhala chisangalalo. Mwana wapirira mwina zaka ziwiri, makolo alipira ndalama zambiri ndiponso ayenda maulendo osawerengeka opita kuchipatala, ndipo tsopano mano afola bwinobwino. Koma asanatuluke m'chipinda cha dokotala, mwanayo amapatsidwa kabokosi kakang'ono. Mkati mwake mumakhala litena, chipangizo chimene ntchito yake ndi kugwira mano kuti akhale pamene mawaya awasiya.

Mabanja ambiri amaona litena ngati chinthu chongowonjezera, choti chivalidwe masabata angapo kenako n'kuiwalika. Pamenepa m'pamene ntchito ya zaka ziwiri imawonongekera. Mawaya amasuntha mano, koma sawakhomerera. Dzino likangosiyidwa lokha limayamba kuyenda, poyamba pofuna kubwerera kumene linachokera, ndipo pambuyo pake chifukwa cha kusintha kumene kumachitika m'kamwa mwa munthu aliyense akamakula. N'chifukwa chake madokotala ambiri owongola mano masiku ano amalangiza kuti munthu azivala litena usiku kwa nthawi yonse imene akufuna kuti mano ake akhale owongoka.

Dzino silinamatidwe ku fupa

Kuti timvetse chifukwa chake mano amayenda, tiyambe taona mmene dzino limakhalira m'kamwa. Muzu wa dzino umalowa m'kadzenje ka m'fupa la nsagwada, koma sukhudza fupalo. Pakati pa muzu ndi fupa pali kampata kakang'ono kwambiri, pafupifupi gawo limodzi la magawo asanu a milimita imodzi. M'kampata kameneka muli timaulusi tamoyo tambirimbiri timene timamangirira muzu ku fupa. Timaulusi timeneti ndi timene timalandira mphamvu mukamatafuna, ndipo n'chifukwa chake dzino labwinobwino limagwedera pang'ono mukalikankha ndi chala.

Mawaya amadalira kampata komweka. Akamakankha dzino mosalekeza, mbali imene dzino likupita timaulusi timapanikizika, ndipo thupi limayamba kusungunula fupa la mbali imeneyo kuti dzino lipeze njira. Kumbuyo, kumene dzino likuchoka, timaulusi timakokeka, ndipo thupi limamanga fupa latsopano. Ntchito imeneyi imayenda pang'onopang'ono, pafupifupi milimita imodzi pa mwezi.

Ndiye pa tsiku lochotsa mawaya, dzino limakhala ngati mzati umene waimikidwa kumene m'dzenje, dothi lisanagwirane. Fupa latsopano likadali lofewa, kampata kaja kakula kuposa masiku onse, ndipo timaulusi sitinayalane bwino. Pamafunika miyezi 3 kapena 4 kuti timaulusi ta m'mbali mwa muzu tiyalanenso molingana ndi malo atsopano. Pa miyezi imeneyi, ngakhale kukankha kwa lilime ndi milomo kokha kungathe kusuntha dzino.

Nkhama siziiwala msanga

Pali timaulusi tina timene timachedwa kwambiri. Iti tili m'nkhama, pamwamba pa fupa, ndipo timazungulira khosi la dzino n'kulumikiza dzino lililonse ndi linzake. Dzino likapotolozedwa kuti liwongoke, timaulusi timeneti timatamuka ngati legeni lokokedwa, ndipo timakhala tikukokabe.

M'chaka cha 1959, dokotala wa ku Norway dzina lake Kaare Reitan anafalitsa zimene anapeza atapotoloza mano a agalu n'kuwagwira pamalo atsopanowo. Anaona kuti timaulusi ta m'mbali mwa muzu tinayalana msanga, koma ta m'nkhama tinali tikadali tokokeka patatha masiku 232, kutanthauza miyezi yoposa 7. Kuchokera pa kafukufuku ameneyu ndi wina amene anatsatira, madokotala amawerengera kuti timaulusi ta m'nkhama tingafune chaka chathunthu kapena kupitirira kuti tizolowere.

Izi zikutiuza mano amene ali pangozi yaikulu. Loyamba ndi dzino limene linali lopotoka, chifukwa nkhama zimalikokera kuti lipotokenso. Achiwiri ndi mano amene anali ndi mpata pakati pawo, makamaka awiri akutsogolo am'mwamba, chifukwa mpata umenewo umatsegukanso mosavuta. Nthawi zina, ngati dzino linali lopotoka kwambiri, dokotala amabaya jakisoni wochititsa dzanzi n'kudula timaulusi tozungulira khosi la dzino kuti tilumikizanenso tisakukoka. Njira imeneyi inafotokozedwa ndi John Edwards mu 1970. Imachepetsa kupotokanso kwa dzino, koma silowa m'malo mwa litena.

Chifukwa chake chaka chimodzi sichikwanira

Ngati vuto likanakhala timaulusi tokha, bwenzi munthu akuvala litena chaka chimodzi n'kulisiya. Kale madokotala ambiri ankachita zomwezo: chaka chimodzi kapena ziwiri, basi. Chimene chinasintha maganizo amenewa ndi kafukufuku wa ku yunivesite ya Washington mumzinda wa Seattle ku America, kumene Robert Little ndi anzake ankaitananso anthu amene anawongoledwa mano zaka zambiri m'mbuyomo.

Mu 1981 iwo anafalitsa zimene anapeza mwa anthu 65 amene anali atasiya malitena kwa zaka zosachepera 10. Mwa anthu amenewa, pafupifupi atatu okha pa khumi alionse ndi amene mano awo akutsogolo am'munsi anali akadali owongoka mokhutiritsa. Mu 1988 anafalitsanso za anthu 31 amene anapimidwa patatha zaka 20, ndipo apa panatsala pafupifupi mmodzi yekha pa khumi. Chimene chinavuta kwambiri n'chakuti ofufuzawo sanapeze njira yodziwira pasadakhale kuti mano a uyu adzayenda, a uyu sadzayenda. Kuthinana kwa mano poyamba, zaka za munthu ndiponso kutalika kwa nthawi imene anavala litena sizinathe kulosera zimenezo.

Kuyenda kwa zaka zam'tsogolo kumeneku kumachitika ngakhale kwa anthu amene sanavalepo mawaya. Munthu akamakula, malo amene mano akutsogolo am'munsi amakhala amachepa pang'onopang'ono, ndipo manowo amayamba kukwerana. Nsagwada yam'munsi imapitiriza kukula mpaka kumapeto kwa unyamata, kwa anyamata ena mpaka atapitirira zaka 20, ndipo ikamakula imakankhira mano am'munsi kumbuyo kwa am'mwamba. Kutafuna kwa tsiku ndi tsiku nakonso kumakankhira mano kutsogolo. Taonani mano am'munsi a anthu achikulire amene mumakhala nawo: ambiri ali ndi dzino limodzi kapena awiri olowa mkati, pamene ali achinyamata anali ofola bwino.

Ena amaimba mlandu mano omera pomaliza, amene amatuluka kumapeto kwa nsagwada munthu ali ndi zaka za pakati pa 17 ndi 25. Koma kafukufuku amene anachitika ku Bristol ku Britain, n'kufalitsidwa mu 1998, anayerekeza anthu amene anazulidwa mano amenewa ndi amene sanazulidwe, ndipo kusiyana kwa kuthinana kwa mano akutsogolo kunali kochepa kwambiri. Choncho kuzula mano amenewa si njira yopewera litena.

Malitena atatu, lililonse ndi vuto lake

Litena limene limaperekedwa kwambiri masiku ano ndi la pulasitiki yoonekera. Dokotala amadinda mano kapena kuwajambula ndi makina, kenako pulasitiki yopyapyala, pafupifupi milimita imodzi, imaumbidwa kuti ivale mano onse ngati chipewa. Limagwira bwino mano akutsogolo ndipo silioneka. Koma limang'ambika, limabooka ngati munthu amakukuta mano m'tulo, ndipo madzi otentha amalipinda. Komanso munthu akamwa tiyi wa shuga kapena zakumwa zozizilitsa kukhosi ali chivalire, shugayo amatsekeredwa pakati pa pulasitiki ndi mano, malovu osafikapo, ndipo mano amayamba kuwola. Litena limeneli likakhala m'kamwa, chololedwa ndi madzi okha.

Lachiwiri ndi lakale, lotchedwa dzina la Charles Hawley, amene analifotokoza mu 1919. Lili ndi pulasitiki yolimba imene imakhala kumwamba kwa kamwa kapena kuseri kwa mano am'munsi, ndiponso waya amene amadutsa kutsogolo kwa mano. Limakhalitsa zaka zambiri, ndipo dokotala angathe kupinda wayayo kuti agwire bwino. Vuto lake ndi lakuti wayayo amaoneka, ndipo masiku oyambirira munthu amalankhula ngati ali ndi chinthu m'kamwa.

Lachitatu silivulidwa. Ndi kawaya kopyapyala kamene kamamatidwa kuseri kwa mano asanu ndi limodzi akutsogolo, kuchokera pa dzino losongoka la mbali imodzi kukafika pa la mbali ina. Limathandiza kwambiri pamene panali mpata kapena dzino lopotoka, ndiponso kwa munthu woiwalaiwala. Koma limafuna kuyang'aniridwa. Chomatira chingathe kuchoka pa dzino limodzi lokha munthu osadziwa, ndipo dzino limenelo limayenda pamene anzake ali chiimire. Kuluma nzimbe, chimanga chootcha kapena mango osapsa ndi mano akutsogolo kumachotsa chomatira kapena kupinda waya, ndipo waya wopindika amayamba yekha kukankha dzino kuti lipendekeke. Litsiro limaumanso mosavuta m'mbali mwa waya, motero pamafunika kabulashi kakang'ono kolowa pakati pa mano kapena ulusi wotsukira mano wolowetsa pansi pa waya. Madokotala ambiri amaperekanso litena lovula pamwamba pa lomatali, chifukwa waya sagwira mano otafunira.

Maola angati, zaka zingati

Ndondomeko zimasiyana malinga ndi dokotala ndiponso mmene mano analili poyamba, choncho mawu a dokotala amene anawongola mano anu ndiwo oyamba. Komabe ndondomeko zambiri zili ndi magawo atatu.

Gawo loyamba ndi miyezi 3 mpaka 6 yoyambirira, pamene fupa ndi timaulusi ta m'mbali mwa muzu tikukhazikika. Madokotala ena amati litena livalidwe usana ndi usiku, n'kumavulidwa pakudya ndi potsuka mano pokha. Ena amalola kuvala usiku wokha kuyambira pachiyambi, chifukwa kafukufuku wina wasonyeza kuti kwa anthu ambiri zotsatira zake sizisiyana kwenikweni. Amene mano ake anali opotoka kwambiri kapena otalikirana nthawi zambiri amauzidwa kuvala tsiku lonse.

Gawo lachiwiri limafika kumapeto kwa chaka choyamba kapena kupitirira: usiku uliwonse, osadumphitsa, pamene timaulusi ta m'nkhama tikuzolowera. Kwa wachinyamata amene akadakula, ndi bwino kupitiriza usiku uliwonse mpaka kukula kutatha.

Gawo lachitatu lilibe tsiku lothera. Dokotala angalole kuti muchepetse, mwina usiku uwiri kapena utatu pa sabata, koma osati kusiyiratu. Apa litena lenilenilo ndilo limakuuzani ngati mwachepetsa mopitirira. Likalowa mosavuta, mano ali pamalo pake. Likathina, kapena mano akamawawa pang'ono m'mawa, ndiye kuti ayamba kuyenda pa masiku amene simunavale, ndipo muyenera kubwerera ku usiku uliwonse. Litena silimachepa lokha m'kabokosi: likathina, amene asintha ndi mano.

Chitsanzo cha litena lotayika

Tiyerekeze mtsikana wa zaka 16 amene wavala mawaya kwa miyezi 22. Poyamba anali ndi mpata wa mamilimita awiri pakati pa mano akutsogolo am'mwamba, ndiponso dzino limodzi lam'munsi lopotoka. Mawaya achotsedwa pa tchuthi, wapatsidwa malitena awiri a pulasitiki yoonekera, ndipo wabwerera kusukulu yogonera komweko. Pa sabata yachisanu ndi chimodzi, pa nthawi ya chakudya chamasana, akuvula malitenawo, kuwakulunga m'kapepala n'kuwaika pambali pa mbale. Akutayidwa limodzi ndi zotsala. Poopa kukalipiridwa, iye sakuuza makolo mpaka sukulu itatsekera, patatha masabata 8.

Taonani nthawi imene malitenawo atayikira. Papita mwezi umodzi ndi theka wokha chichotsereni mawaya, ndiye kuti fupa silinalimbe ndipo timaulusi ta m'nkhama tikukoka ndi mphamvu zonse. Chimene chingayembekezeke n'chakuti pa masabata awiri oyamba ulusi wotsukira mano uyamba kudutsa mopanda chotchinga pakati pa mano awiri am'mwamba aja. Pofika sabata yachisanu ndi chitatu, kampata kayamba kuoneka pagalasi, ndipo m'mphepete mwa dzino lam'munsi lija mwayamba kutulukira kunja moti lilime likumva.

Akafika kwa dokotala, pali njira ziwiri. Yoyamba ndi kudinda mano mmene alili lero n'kupanga malitena atsopano. Awa adzaletsa kuti zinthu zisaipireipire, koma sadzabweza chimene chatayika, chifukwa litena limagwira, silikoka. Yachiwiri ndi kuwongolanso: ngati kuyendako n'kochepa, dokotala angagwiritse ntchito chipangizo chovula chokhala ndi kawaya kokankha, kapena mapulasitiki angapo osinthanasinthana, kapena kubwezera mawaya pa mano akutsogolo okha kwa miyezi ingapo. Pambuyo pake, mtsikana ngati ameneyu angalangizidwe kumatidwa waya kuseri kwa mano, chifukwa mpata ndi dzino lopotoka zasonyeza kale kuti zimabwerera.

Akanaimba foni tsiku lomwelo, bwenzi atangolipira litena latsopano lokha. Ndiye ngati mwana wanu akupita kusukulu yakutali, kapena ngati chipatala chimene anaikira mawaya chili mumzinda wakutali ndi kwanu, kambiranani ndi dokotala pa tsiku lochotsa mawaya. Funsani ngati mungapangitsiretu malitena ena osungira, ndiponso ngati chikombole cha mano kapena chithunzi chake cha pamakina chingasungidwe, kuti latsopano lithe kupangidwa mwachangu. Ndipo muuzeni mwanayo kuti litena likatayika kapena kuthyoka, anene tsiku lomwelo. Mtengo wa litena ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi mtengo wovalanso mawaya.

Kusamala litena

Litena likachoka m'kamwa, malo ake ndi m'kabokosi kake, osati m'thumba, m'kapepala kapena pansi pa pilo. Agalu amakonda kulitafuna chifukwa cha fungo la malovu, ndipo dzuwa la pawindo kapena m'galimoto yotseka limalipinda. Muzilitsuka tsiku lililonse ndi madzi ozizira, sopo wamba ndi mswachi wakewake. Mankhwala otsukira mano amakanda pulasitiki yoonekera n'kuichititsa mbuu, ndipo madzi owira amaiwonongeratu. Tsukani mano musanalivale usiku, kuti musatsekere zakudya mkati.

Pitani nalo kwa dokotala nthawi iliyonse imene mukukapimitsa mano, ngakhale kamodzi pa chaka. Litena long'ambika, lobooka kapena lokhwepa moti likugwa lokha silikugwiranso ntchito ndipo lifunika kusinthidwa. Dzino likaikidwa chophimba kapena kumatidwa kwambiri, litena lakale lingaleke kukwana. Amene ali ndi waya womata azimuyendera ndi lilime: mukamva posongoka, kapena waya akugwedera, kapena dzino limodzi layamba kusiyana ndi anzake, musadikire kuti liwawe, chifukwa siliwawa.

Ngati munasiya kale

Mwina munavala mawaya zaka zapitazo ndipo litena lili m'kabati. Litsukeni n'kuliyesa mofatsa. Likalowa mpaka pansi koma likuthina, kulivala maola ambiri kwa masiku angapo kungabweze kuyenda kochepa, ndipo kuthinako kumachepa. Koma ngati silikufika pansi, kapena likufuna kuti mulilume ndi mphamvu kuti lilowe, lisiyeni. Kulikakamiza kungalithyole, kungavulaze nkhama, kapena kukankha dzino molakwika. Pitani nalo kwa dokotala, ndipo ngakhale simukufuna kuwongolanso mano, litena latsopano lingagwire pamene mano afika lero.

Pomaliza, si kuyenda konse kwa mano kumene kuli kubwerera m'mbuyo. Munthu wamkulu akaona kuti mano akutsogolo ayamba kutalikirana kapena kutuluka kunja m'miyezi yochepa, nkhama zikutuluka magazi potsuka, m'kamwa mukununkha kapena dzino likugwedera, nthawi zambiri vuto limakhala matenda a nkhama amene akudya fupa logwira mano. Litena silichiza zimenezo. Choyamba ndi kupimitsa ndi kuchiritsa nkhama, ndipo nkhani yogwira kapena kuwongola mano ibwere fupa ndi nkhama zitakhala bwino.